ZA M'MSIKA: Landilodi sadikira February

Alamu anga amagulitsa tomato mumsika wa Limbe. Tsiku lina m'mwezi wa May anandiitana kubenchi kwawo, ati ndiwathandize masamu poti ine ndinapitako kusukulu. M'chikwama munali mpamba wa K150,000, ndipo pakutha pa masiku 30 landilodi amafuna K60,000 yake. Mnzawo wina anali atawauza kuti ataye ndalama yonseyo m'chimanga, chifukwa nthawi yokolola chimatchipa ndipo chikadzakwera adzapha makwacha.

Mnzawoyo sananame ayi. Chimanga chimakweradi, koma chimakwera cha mu January ndi February, nkhokwe za anthu zikauma. Mukachigula mu May n'kuchigulitsa mu June, mtengo mumaupeza uli pomwepo chifukwa alimi akadagulitsabe. Pamenepo mwalipira kale thiransipoti, matumba ndi mankhwala a anankafumbwe. Komanso chimanga chongokolola kumene chimakhala chisanaumitsitse, ndiye chikauma thumba limapepuka pa sikelo. Mumaluza musanalakwe chilichonse, mwangofulumira basi.

Nkhuku zoyera zija nazonso ndi chimodzimodzi. Zimafuna masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo kuti zifike pogulitsa, ndipo masabata omalizawo ndi omwe zimadya kwambiri. Tsiku la 30 limakupezani muli ndi khola lodzadza koma m'thumba muli mbee.

Ndiye ndinawauza kuti, "Alamu, musafunse kaye kuti geni iyi ili ndi phindu lanji. Funsani kuti ndalama yanga ibwera tsiku liti."

Tinatenga tomato yemwe amamudziwa kale. Mitengo imasintha sabata ndi sabata, inu muikepo yanu, koma ife tinawerenga chonchi. Dengu limodzi kupikula K30,000. Wonyamula ndi tikiti ya msika K3,000. Milu yonse itagulidwa pamatuluka K40,000, koma chotsanipo K2,000 ya wophwanyika pansi pa dengu ndi wa basera. Phindu latsala K5,000. Kandalama kochepa, eti? Koma dengu limatha masiku awiri. Pa masiku 26 ogulitsa, K33,000 yomweyo yazungulira ka 13, ndipo phindu lafika K65,000. Lendi ija yakwana, mpamba osaukhudza.

Apa alamu anga maso anayera, ati ndiye tipikule madengu anayi nthawi imodzi. Apa ndiye pamagwera anthu ambiri. Benchi lanu lili ndi makasitomala ake, ndipo sachuluka chifukwa choti inu mwaoda zambiri. Tomato wakupsa sapirira. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi wayamba kufewa, ntchentche zayamba kuzungulira, ndipo mukumugulitsa theka la mtengo kwa amayi a malesitilanti. Geni yachangu ili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi zomwe benchi lanu limatha kumaliza katundu asanawonongeke.

Kunena zoona, K65,000 ija ndi ya papepala. Tsiku lina galimoto za ku Ntcheu zimatsitsa tomato wambiri nthawi imodzi, mtengo n'kugwa msika wonse. Kumagwa maliro, benchi n'kutsekedwa masiku awiri. Ana kunyumba akudyanso pomwepo. Ndiye pali aja a "ndikupatsani pa malipiro". Mukangoyamba kukongoza, tomato wanu mwamusandutsa chimanga, ndalama yake mudikira.

N'chifukwa chake K117,000 yotsalayo sitinaiponye yonse m'chimanga. K60,000, yofanana ndendende ndi lendi, inalowa mu nyemba. Nyemba sizithamanga ngati tomato, koma siziwola pa mwezi umodzi, ndipo zikavuta mutha kuzigulitsa kwa anzanu a mumsika momwemo pa mtengo wopikulira tsiku limodzi kapena awiri. K57,000 yokha ndi imene inapita ku chimanga, ndalama yoti angathe kuiiwala mpaka chaka chamawa.

Tinagwirizananso chinthu chimodzi. Phindu la tomato lizilowa m'kachitini kapadera madzulo alionse, ndipo tsiku la 15 atsegule awerenge. Mukapezeka K30,000, zinthu zikuyenda. Mukapezeka K18,000, ayambe pompo kutsitsa nyemba pang'onopang'ono, osadikira tsiku la 29. Munthu wogulitsa landilodi ali pakhomo amaoneka nkhope, ndipo ogula amatchula okha mtengo. Ndi tsiku lomwelo pomwe anthu amathamangira katapila, kukongola ndalama yachiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi pofuna kuteteza matumba omwe adzakwere patatha miyezi isanu ndi itatu. Chiwongoladzanjacho chimadya phindu la chimangalo chisanakwere n'komwe.

Tsiku la 15 m'kachitini munapezeka K24,000. Alamu anga anagulitsa theka la nyemba sabata yomweyo, lendi inalipidwa pa 30, ndipo matumba a chimanga ali pakona kuchipinda, mankhwala atathira kale.