Usipa Wogulitsa pa Foni: Mawu Akhale Maso a Wogula

Anzanga ophunzira, ndiloleni ndinenepo pang'ono za ntchito imene ambiri a ife ochokera m'mbali mwa nyanja timapatsidwa pa tchuthi. Kwathu ku Makuzi, kufupi ndi Bandawe, amayi ena sadikiranso kuti wogula afike pathandala. Amajambula usipa ndi foni, naika chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo wogula wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Popeza ife ndife a sukulu, foniyo amatipatsa ife, nati, "Mwanangu, lemba." Tsono kodi timalemba chiyani?

Ine ndidaphunzira ndi manyazi. Pa tchuthi china cha nyengo ya mvula amayi anga adandituma kuti ndilengeze usipa wawo. Ndidalemba mawu awa okha: "Usipa wabwino, watsopano, ndowa yodzaza." Mayi wina wa ku Lilongwe adagula ndowa ziwiri. Tidathira usipawo m'thumba la pulasitiki, tidamanga zolimba kuti mvula isalowe, ndi kukweza pa minibasi. Atapita masiku awiri mayiyo adaimba foni ali wokwiya. Adati usipa sudadzaze ndowa zake ziwiri, wapansi udali zinyenyeswa, ndipo wapakati udayamba kuchita chuku. Amayi adabweza theka la ndalama, ndipo m'theka limenelo mudali ndalama za nsapato zanga za sukulu. Mayiyo sadagulenso kwa ife.

Sitidafune kumunyenga. Cholakwa chidali m'mawu anga. Pamsika wogula amatola usipa, nauthyola, naununkhiza, nalawa. Wa pa foni alibe dzanja kapena mphuno pamenepo. Chithunzi sichimuthandiza kwenikweni, pakuti akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa chake ine ndikuti wolemba ayenera kunena zonse zimene wogula akadazipeza yekha akadakhalapo, zoipa zomwe.

Tiyambe ndi muyeso. Mawu akuti "ndowa" kapena "chigoba" sanena kanthu kwa munthu wakutali. Kodi ndi ya malita 5 kapena 20? Yosefukira kapena yolekeza m'milomo? Ngakhale mutanena zimenezi, usipa wouma sukhala mothinana; pakati pake pamakhala mipata. Galimoto ikamagwedezeka pa msewu wa M5, kudutsa Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima, nsombazo zimakhazikika, zina zimathyoka, ndipo ndowa imene idasefukira ku Makuzi imafika yoperewera ngakhale palibe wabapo. Koma kilo ya ku Makuzi ndi kilo ya ku Lilongwe n'chimodzimodzi. Tsono yezani pa sikelo, muchotse kulemera kwa katoni, ndipo mujambule sikeloyo manambala akuoneka.

Wina adzati, "Nanga sikelo sinama?" Inde, imatha kunama. Nsomba yaiwisi mbali yake yaikulu ndi madzi, kotero usipa wosaumitsa umalemera kuposa wouma, ndipo wogula amalipira madzi. Mchenga nawonso umalemera. N'chifukwa chake kilo siyenera kuyenda yokha. Itsagane ndi mawu onena za kauma kwa nsombayo.

Pamenepa mpamene ndimadana ndi mawu akuti "watsopano". Nsomba youma ikhala yatsopano bwanji? Lembani tsiku limene idagwidwa ndi tsiku limene idachotsedwa pathandala, wogula awerenge yekha masiku. Lembaninso mmene idakonzedwera, pakuti usipa woyanika padzuwa, wofutsa ndi wowamba zimasiyana kukoma, mtengo ndi kaphikidwe. Nenani ngati udayanikidwa pathandala kapena pansi, chifukwa wapansi suchoka mchenga, ndipo wodya amazindikira ndi mano. Ngati ndi bonya, lembani kuti bonya. Musajambule usipa waukulu wokha woikidwa pamwamba.

Musanalembe mawu akuti "wouma", yesani. Tolani usipa wa pakati pa mulu, osati wapamwamba, muuthyole. Wouma bwino umathyoka msanga. Wosauma umapindika, ndipo m'mimba mwake mumakhala mofewa. Ununkhizeni: ukakhalitsa, mafuta ake amawonongeka, fungo limasintha, ndipo nsomba imasanduka yachikasu. Yang'anani pansi pa dengu; mukaona ufa wambiri ndi nsomba zobooka, dziwani kuti tizilombo talowa. Kuno kwathu ku Nkhata Bay mvula ndi yambiri, ndipo usipa woyanikidwa pa masiku a mitambo umachedwa kuuma, ntchentche n'kuikiramo mazira. Wathu uja udali wotere: kunja wouma, m'kati wachinyezi.

Thumba la pulasitiki ndilo lidamaliza kutiwonongera. Chinyezi chotsala m'nsomba chidasowa potulukira, m'galimoto mudatentha, thumba lidachita thukuta m'kati, ndipo chuku chidapeza malo. Tsopano timadikira kuti usipa uzizire pamthunzi ukachoka padzuwa, kenaka timauika m'katoni yolimba yoyalamo mapepala oyera, yodzaza bwino kuti nsomba zisagundane. Nthawi ya mvula timaphimba katoniyo ndi pulasitiki pamwamba pokha. Timapempha kondakitala kuti asaikepo katundu wolemera, ndiponso kuti ikhale kutali ndi zigubu za petulo, pakuti nsomba youma imatenga fungo msanga. Zonsezi wogula auzidwe, kuti katundu akafika woonongeka adziwe pofunsa.

Za ulendo nazo zilembedwe ndalama zisanatumizidwe. Kodi mtengo wa galimoto alipira ndani? Katundu anyamuka tsiku liti, ndipo akatsikira pati? Galimoto ikachedwa, monga zimachitika mvula ikawononga msewu, mlandu ukhala wa yani? Mukakweza, tumizani nambala ya galimoto ndi ya kondakitala. Onani mmene ndimalembera masiku ano:

"Usipa wofutsa, wapakatikati kukula, wa ku Makuzi. Udagwidwa usiku wa Lolemba, udachoka pathandala Lachitatu madzulo. Wouma, wopanda mchenga, koma muli wothyoka pang'ono. Makilo 4, osawerengera katoni. Unyamuka Lachinayi m'mawa, ufika ku depoti ya ku Lilongwe tsiku lomwelo galimoto ikayenda bwino. Mtengo wa galimoto ndi wa wogula. Mukalandira tsegulani pomwepo, ndipo mukapeza vuto tiuzeni tsiku lomwelo ndi chithunzi."

Pansi pake ndimalemba mtengo wa kilo imodzi ndi mtengo wa zonse pamodzi.

Amayi anga poyamba sadakondwe nawo mawu akuti "wothyoka pang'ono". Adati, "Iwe, ndani amanyoza malonda ake?" Ndidayankha kuti, "Amayi, wogula adzauona ndithu wothyokawo. Kusiyana n'kwakuti adzauona atauzidwa kapena atadzidzimuka." Ndikuvomera kuti ena amathawa akawerenga zotere, napita kwa amene walemba kuti "wabwino kwambiri". Koma wothawa asanalipire sakuchotsera kanthu. Wokwiya atalipira amafuna ndalama zake, nauzanso anzake onse a pa gulu lomwelo.

Kwa inu ogula ndingoti safunsa adadya phula: funsani makilo ndi tsiku. Kwa inu anzanga amene mudzapatsidwa foni tchuthi chikubwerachi, musayambe ndi kulemba. Yambani mwapita padengu, mupise dzanja mpaka pansi, muthyole usipa umodzi, ndipo mulembe chimene mwapeza.

Wophunzira wa Folomu 3, wa ku Makuzi