Pateni yojambulidwa pafoni

Matelala a m'makonde ku Chilinde anazolowera kusoka poyang'ana chithunzi cha diresi lomalizidwa kale. Masiku ano makasitomala ena akutumiza pa WhatsApp pateni yeniyeni, zidutswa za chovala zojambulidwa papepala, zodzaza mivi ndi zilembo. Pachithunzi chotere ine ndimakhulupirira manambala ndi zizindikiro basi. Kukula kwake kumanama, chifukwa foni ikapendekeka pojambula, mbali yomwe inali pafupi imaoneka yaikulu kuposa inzake.

Titenge siketi ya mayi wa chiuno cha masentimita 80. Chidutswa chakutsogolo chili ndi zilembo CF, kutanthauza pakati penipeni pa kutsogolo. M'mbali momwemo muli mzere wokhota nsonga zonse ziwiri, mivi yake italoza m'mphepete, ndi mawu akuti "Place on fold". Apa akutiuza kuti chomwe tikuona ndi theka chabe la kutsogoloko. Pindani chitenje pawiri, mbali imeneyi igone ndendende popindapo, ndipo sizasi isadutsepo. N'chifukwa chake m'chiuno mwa chidutswachi mumakhala masentimita 20 okha, osawerengera dati ndi malo a msoko. Mukachifunyulula chimapereka 40, ndipo 40 enawo ndi akumbuyo.

Wodula popindapo amatsala ndi zidutswa ziwiri zopanda malo osokera. Akazilumikiza, msoko umadya sentimita imodzi ndi theka uku, inanso ndi theka uko. Siketi yachepa ndi masentimita atatu, zipi ikukana kukwera, ndipo duwa la chitenje lang'ambika pakati. Mlandu umagwera tepi, kapena mayi aja amauzidwa kuti anenepa.

Malo a msokowo nawo ngofunika kuwafufuza musanagwire choko. Mapateni ambiri a ku America amalemba 5/8", omwe ndi pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, ndipo amakhala atawerengera kale m'kati mwa mzere wodulira. Ena, monga a m'magazini ya Burda ya ku Germany, sawerengera, mumaonjezera nokha. Wojambula akadula mawu a m'munsi mwa pepala, nkhani imeneyi imasowa. Muuzeni ajambulenso pepala lonse, foni itayang'ana pansi molunjika, tepi itagona pambali pake.

Muvi wautali wowongoka, wa mitu iwiri, umayenera kuyenda motsatira mphepete ya nsalu yochokera kufakitale, ija yosasosoka. Yezani kuchokera kumutu uliwonse wa muviwo kufika kumphepeteko. Miyezo iwiriyo ikasiyana, siketi idzapotoka ikavalidwa. Komatu pachitenje lamuloli ndimalola kuliphwanya. Zitenje zambiri zili ndi maluwa ondandalika m'mphepete, omwe eni ake amafuna akhale kumpendero. Zikatero muvi utembenuzeni uyende chopingasa, koma mutero pa zidutswa zonse, chakutsogolo ndi zakumbuyo zomwe.