Mphete yakale ya mwala wofiira: giranada kapena galasi?

Anthu a ku Cuamba miyala yofiira amaidziwa. Giranada, yomwe abale athu a ku Malawi amati ganeti, yakhala ikukumbidwa m'dothi la kufupi ndi tauniyi kuyambira m'nthawi ya Apwitikizi, pamene malowa ankatchedwa Nova Freixo. Mukakwera sitima kapena galimoto kupita ku Entre Lagos n'kukadutsa pa Nayuchi, kapena kulowera ku Mandimba, simulephera kukumana ndi munthu amene anagwirapo timiyala timeneti m'manja. Koma chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kudziwa mwala wongotuluka pansi n'kosiyana ndi kudziwa mwala wosemedwa umene uli pa mphete kapena ndolo zakale. Ndipo pali mtundu wina wa miyala yonamizira umene umapusitsa makamaka munthu woidziwa bwino giranada.

Zokongoletsera zakale zilipo m'makomo mwathu, ngakhale sizochuluka. Zina zinachokera m'masitolo a amwenye, zina anabwera nazo makolo amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, zinanso zinasiyidwa ndi mabanja a Chipwitikizi amene anachoka cha m'ma 1975. Mavuto akafika pakhomo, zinthu zimenezi ndi zimene zimatuluka m'sutikesi. Wogula amanena kuti ndi galasi kuti atsitse mtengo, mwini wake amakhulupirira kuti ndi rube, ndipo onse awiri amangoyang'ana kufiira kwake. Kufiira sikunena kanthu, chifukwa galasi limalandira mtundu uliwonse umene wolisungunula akufuna.

Galasi lonamizira miyala silinayambe dzulo. Ku Paris kunali mmisiri wotchedwa Georg Friedrich Strass, amene m'zaka za m'ma 1730 anatchuka ndi galasi losakaniza ndi mtovu wambiri. Mtovuwo umalipatsa kulemera ndi kunyezimira kwa mitundumitundu, ndipo amisiri ankalisema ndi manja monga mmene ankasemera dayamondi. Anthu olemera ankalivala mosabisa. Choncho mphete ikhoza kukhala yakale zedi, ya golide weniweni, yopangidwa mwaluso, koma mwala wake uli galasi.

Chida choyamba ndi lupa, kagalasi kokuza zinthu kakhumi kamene ogula miyala amayenda nako m'thumba, pamodzi ndi katochi. Pukutani mwalawo ndi kansalu kouma, gwirani lupa pafupi ndi diso, ndipo muunikire kuchokera m'mbali osati pamwamba, kuti zam'kati ziwale pamene kumbuyo kwake kuli mdima. Mwala wachilengedwe unakula pang'onopang'ono pansi pa nthaka pakati pa miyala ina, ndipo unameza tizidutswa ta anzakewo. Mu giranada mumapezeka tisingano towongoka ta mwala wotchedwa rutayilo, topingasana mwadongosolo pa madigiri pafupifupi 70 ndi 110. Mumapezekanso timiyala ting'onoting'ono tokhala ndi ngodya, ndipo ena mwa iwo, monga zekoni, amazunguliridwa ndi kamng'alu kozungulira. Galasi linasungunulidwa mumphika n'kuzizira msanga, choncho limasunga mpweya. Mudzaona timathovu tozungulira, towala pakati koma todera m'mphepete, nthawi zina totalika chifukwa galasilo linakokedwa lili lofewa. Mudzaonanso mizere yopindikapindika, yofanana ndi uchi umene ukusungunuka m'madzi musanatakase bwino.

Chovuta kwa woyamba kumene n'kusiyanitsa thovu ndi kamwala kam'kati kamene ngodya zake zinakwechesuka. Tembenuzani mpheteyo pang'onopang'ono muli chiyang'anire. Thovu limaoneka chimodzimodzi mbali zonse, pamene kamwala kamasintha maonekedwe ndipo penapake kamathwanima pa kankhope kake kosalala. Mukapanda kuona chilichonse m'kati, musaweruze. Pali giranada yoyera mbee m'kati, ndipo pali galasi labwino lopanda thovu.

Mukatero bwererani kunja. Pa muyezo wa kulimba kwa miyala umene umathera pa 10, giranada yofiira imakhala pa 7 mpaka 7.5, pamene galasi limakhala pa 5 mpaka 6, ndipo la mtovu ndi limene limafewa kwambiri. Fumbi limene timakhala nalo tsiku ndi tsiku lili ndi mchenga wolimba kufika pa 7, ndiye galasi limene lavalidwa pachala zaka makumi ambiri limakhala lokandikakandika, mizere imene nkhope zake zimakumanirana itafufutika ndi kubenthuka. Giranada nayo imatha, koma mizere yake imakhalabe yakuthwa kwa nthawi yaitali. Galasi lotsika mtengo, ngati lija linkapangidwa mochuluka ku Jablonec m'dera la Bohemia, silinkasemedwa n'komwe. Ankalidinda m'chikombole, motero nkhope zake zimalowa m'kati pang'ono, mizere yake ndi yobulungira, ndipo nthawi zina m'chiuno mwa mwalawo mumaoneka msoko wa pamene chikombole chinakumana. Ndikupemphani ndithu, musakande mwala ndi tupa kapena mpeni pofuna kuuyesa. Mukatero mumawononga galasi lakale limene nalonso lili ndi mtengo wake kwa osonkhanitsa zakale.

Kasemedwe ka mwala kamathandiza kudziwa nthawi imene unapangidwa. Giranada za ku Bohemia za m'zaka za m'ma 1800 zinkakhala zing'onozing'ono, zothithikana zambiri pamodzi, zosalala pansi ndipo pamwamba pali tinkhope ta ngodya zitatu tokwera kukakumana pansonga. Miyala ina yakale inkasemedwa mwa mbali zinayi zobulungira m'makona, pamwamba pake potumphuka, ndipo nsonga ya pansi inkadulidwa moti mukayang'ana kuchokera pamwamba mumaona kabwalo pakati. Amisiri a galasi loyera ankafika podontheza kadontho kakuda pansipo kuti lifanane ndi dayamondi. Mwala wosemedwa ndi manja nkhope zake sizilingana ndendende. Mukaona mphete imene akuti ndi ya m'ma 1850 koma mwala wake uli wozungulira bwinobwino, nkhope zolingana zonse ndi nsonga yakuthwa pansi monga amasemera masiku ano, dziwani kuti mwalawo unasinthidwa kapena mpheteyo si yakale choncho. Koma kasemedwe pakokha sikanganene kuti uwu ndi mwala, ili ndi galasi, popeza onse ankadutsa m'manja mwa amisiri a nthawi imodzi.

N'chimodzimodzi ndi kumbuyo kotseka. Ambiri amaganiza kuti mwala umene kumbuyo kwake kuli kapepala kachitsulo konyezimira ndi wabodza. Amisiri a ku Portugal a m'zaka za m'ma 1700 ankaika miyala yeniyeni yochokera ku Brazil pa kapepala kotere, n'kutseka kumbuyo ndi siliva. Chofunika kukumbukira n'chakuti chinthu chotseka kumbuyo sachiviika m'madzi, chifukwa madzi akalowa kapepalako kamada ndipo sikabwereranso.

Tsopano tifike pa msampha uja. Mayi wina wachikulire anandionetsa mphete ya golide imene malemu amayi ake analandira kwa banja limene ankaligwirira ntchito. Mwala wake unali wofiira kwambiri, waukulu ngati mamilimita 8, wotsekula kumbuyo. Mdzukulu wake, amene anakumbapo giranada, anali ataupima kale ndi lupa n'kuona tisingano topingasana. Anawauza agogo ake kuti, "Agogo, musalole munthu akunamizeni, iyi ndi giranada yeniyeni." Sananame pa zimene anaona. Pamwamba pa mwalawo panali posalala popanda zokandika, mizere yakuthwa, ndipo tisinganoto tinalipodi.

Titautembenuza n'kuyang'ana pansi, zinthu zinasintha. Nkhope za kumunsi zinali zofufutika ndi zobenthuka, ngakhale kuti kumeneko ndi kumene kumatetezeka ku fumbi ndi kugundidwa. Zimenezi ndi zosemphana ndi mmene mwala umodzi umathera. Tinaupendeketsa kuti kuwala kwa pazenera kugwere pa nkhope zopendekeka za pamwamba, ndipo apo panaoneka mzere wokhotakhota wodutsa pakati pa nkhopezo. Kumtunda kwa mzerewo kunkanyezimira kwambiri, kumunsi kwake kunyezimira kunali kofooka, chifukwa giranada imabweza kuwala kochuluka kuposa galasi. Titayang'ananso m'kati, tinapeza kuti tisingano tonse tili m'kagawo kapyapyala ka pamwamba, ndipo pansi pake penipeni pali timathovu tondandalikana pa mulingo umodzi, ngati kuti tagona pa chinthu chosalala.

Umenewu ndi mwala wa magawo awiri. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800, amisiri a ku Ulaya ankatenga kachidutswa kapyapyala ka giranada, n'kukawotcherera pamwamba pa galasi lamtundu, kenako n'kusema zonse pamodzi. Anasankha giranada chifukwa imagwirana ndi galasi lotentha popanda kusweka, ndipo imapatsa galasilo chipewa cholimba chosakandika. Mtundu wa mwalawo umachokera ku galasi la pansi, choncho ankapanga ofiira, obiriwira ndi abuluu omwe. Malonda ake anayamba kuchepa Auguste Verneuil atalengeza mu 1902 njira yopangira rube m'fakitale. Pa obiriwira ndi abuluu pali njira yapafupi: mwala ukakhala wochotsedwa pa mphete, ugonekeni chafufumimba pa pepala loyera, ndipo mudzaona kamkombero kofiira m'mphepete. Pa mwala wofiira kamkomberoko sikaoneka bwino, n'chifukwa chake timadalira mzere uja ndi timathovu.

Zoyesa zina zimene anthu amakonda zimalephera pa mwala wotere. Kuugunditsa pa tsaya kuti mumve ngati ukuzizira kumathandiza pang'ono pa galasi lokhalokha, limene limafunda msanga, koma apa tsaya limakhudza giranada. Ngakhale makina oyezera kupindika kwa kuwala, amene pa galasi amaonetsa pakati pa 1.50 ndi 1.70, akayeza pamwamba pokha amaonetsa nambala ya giranada, cha m'ma 1.79. Maginito amphamvu amakoka giranada yosaikidwa pa mphete chifukwa ili ndi chitsulo m'kati, koma mwala ukakhala pa golide wolemera simungaone kusuntha kodalirika.

Thovu nalonso lili ndi malire ake. Rube ya m'fakitale ya Verneuil imakhala ndi timathovu pamodzi ndi mizere yokhota yotsatana bwino, koma ndi yolimba kufika pa 9 ndipo sikandika ngati galasi. Kuyambira cha m'ma 2004 pamsika pali rube zachilengedwe zong'alukang'aluka zimene ming'alu yake anaidzaza ndi galasi la mtovu, ndipo mwa izo thovu limakhala lophwatalala m'ming'alumo. Mwala ukaoneka ngati ungakhale rube, monga zija za ku Montepuez kapena ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu, lupa yokha sikwanira, pamafunika woyeza amene ali ndi zida.

Mayi aja sanagulitse mpheteyo ngati giranada, ndipo sanalole kuti igulidwe pa mtengo wa galasi la pamsika. Golide wake anali ndi mtengo wake pa sikelo, ndipo mwala wa magawo awiriwo unasonyeza kuti mpheteyo iyenera kuti inapangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1900, kalekale banja lija lisanaipereke kwa amayi awo.