Kodi Vidiyo Yanuyo Ingabweze Munthu Ngakhale Mmodzi?

Ndi liti pamene munaonapo vidiyo yokopa anthu ofuna ntchito itatchula malipiro? Pa tsiku limene makampani amakayala matebulo awo pamaso pa ophunzira, kaya ndi ku MUBAS ku Blantyre kaya ku Bunda, zoonetsa zimafanana ngati anazilemba munthu mmodzi. Kamera ikuzungulira ofesi yowala, abwana avala suti akuti "kuno ndife banja limodzi", achinyamata atatu akusekerera laputopu yomwe mwina ndi yozimitsa. Wophunzira amatuluka ndi chipewa ndi cholembera, koma osadziwa chimene azikachita Lolemba m'mawa akalembedwa ntchitoyo. Ndiye vidiyoyo mwajambulira ndani, iyeyo kapena abwana?

Tiyerekeze kuti bungwe lobwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono likufuna alangizi a ngongole okagwira ntchito m'maboma, ndipo lapatsidwa mphindi zitatu zoonetsa vidiyo. Funso loyamba ndi ili: mawu amene antchito adzayankhule alembe ndani? Ofesi yoona za antchito ikalemba n'kupatsa mlangizi kuti aloweze, aliyense amazindikira. Maso amathawira padenga kufunafuna mzere wotsatira, ndipo pakamwa pamatuluka "masomphenya" ndi "kudzipereka", mawu amene mlangiziyo sanayambe wawatchulapo pocheza ndi anzake. Choyamba kulembedwa chikhale mafunso, osati mayankho. Khalani pansi ndi antchito atatu, aliyense theka la ola, kamera ikujambula. Kenaka lembani zonse zimene anena, ndipo musankhemo ziganizo zolowa m'vidiyo. Dongosolo la vidiyo lichokere pamenepo.

Mafunsowo akhale otani? Mukafunsa kuti "mumaikonda bwanji ntchito yanu?" mwamuuza kale yankho. Mufunseni kuti dzulo ananyamuka nthawi yanji, anayendera magulu angati, nkhomaliro anadyera kuti. Mufunseni chimene palibe anamuuza asanalowe ntchito. Mufunsenso kuti anzake amene anasiya anasiyiranji. Munthu akamafotokoza za dzulo sapeza mpata wokometsera, amangonena kuti mlatho unali utakokoloka, anazungulira njira yaitali, anakafika gulu litabalalika.

Nanga pojambulapo m'chipindamo muli ndani? Ngati amene amasainira tchuthi cha mlangiziyo waima kuseri kwa kamera manja ali m'thumba, mukuyembekezera kumva chiyani? Kwathu kuno munthu sadandaula za ntchito pamaso pa abwana, makamaka masiku ano pamene ntchito ikusowa chonchi. Abwana atuluke. Wojambulidwayo avomere polemba, aone gawo lake vidiyo isanaonetsedwe, ndipo akhale ndi ufulu wouza ojambula kuti achotse. Posankhanso anthu, musatenge okhawo amene anakwezedwa msanga. Pakhale amene wangotha miyezi isanu ndi umodzi, poti iyeyo akukumbukirabe zomwe zinamudzidzimutsa. Pakhalenso mayi amene amakwera njinga yamoto tsiku ndi tsiku, chifukwa atsikana oonera vidiyoyo m'holo ali ndi mafunso omwe sangawafunse mokweza. Ndipo n'chifukwa chiyani mukuwakakamiza antchitowo Chingelezi chouma pamene ntchito yawo yonse amaigwira m'Chichewa kapena m'Chitumbuka? Ayankhule mmene amayankhulira, mawu alembedwe m'munsi. Paja m'holo mumakhala phokoso, ambiri adzawerenga kusiyana ndi kumva.

Tsopano funso limene mabwana ambiri safuna kulimva: m'vidiyo yanuyo muli chinthu chimodzi chomwe chingachititse munthu kunena kuti "ayi, ntchito iyi si yanga"? Ngati mulibe, mwajambula malonda. Ntchito ya mlangizi wa ngongole si kugawa ndalama kokha. Ndi kuyenda m'matope mu Januwale, ndi kugogoda pakhomo pa mayi amene tomato wake wawola osagulidwa n'kumukumbutsa kuti tsiku lobweza lakwana, ndi kufotokozera abwana kumapeto kwa mwezi chifukwa chimene ngongole za m'dera lako zachedwera. Wina angathe zimenezi, wina sangathe. Kodi n'kwabwino kuti azindikire ali m'holo, kapena mutamuphunzitsa kale miyezi itatu, mutamugulira chisoti ndi kumutumiza ku Nsanje?

Mantha oti choonadi chithamangitsa anthu si atsopano, ndipo anayesedwapo. M'chaka cha 1973, katswiri wa ku America John Wanous anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa anthu olembedwa ntchito yolumikiza mafoni. Ena anaonetsedwa filimu yokometsera, ena filimu yosonyeza zabwino ndi zotopetsa zomwe. Oona filimu yachiwiriyo anailandirabe ntchito, ndipo atayamba sankaganiza kwambiri zosiya poyerekeza ndi anzawo aja. Komabe chenjerani ndi chilungamo chonamizira. "Vuto lathu kuno n'loti timalimbikira kwambiri" si kuvomereza vuto, ndi kudzitama kobisalira. Ophunzira amadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mukabisa zovuta amazipeka okha, nthawi zina zoposa zenizenizo. Tchulani vutolo, kenaka munene chimene bungwe limachitapo: kodi mlangizi watsopano amayenda ndi mnzake wakale masabata oyamba? Akaopsezedwa ndi wangongole, amaimbira ndani?

Palinso chizolowezi china chonyansa, chotenga zomwe lamulo linalamula kale n'kumazionetsa ngati mphatso. Lamulo la za ntchito la 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo tchuthi cha pachaka chisachepere masiku 15 kwa ogwira masiku asanu pa sabata, kapena 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Pa penshoni, olemba ntchito amaikapo ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5. Ndiye mukamaomba m'manja kuti "timapereka tchuthi ndi penshoni", mukufuna tikuthokozeni chifukwa simukuphwanya lamulo? Nenani zimene wophunzira sangazipeze kwina. Malipiro akuyambira pati, ndipo chiwerengerocho ndi msonkho usanachotsedwe kapena utachotsedwa? Mbali ina imadalira ngongole zomwe watolera? Nthawi yoyesedwa ndi miyezi ingati? Mafuta a njinga amagula ndani, nanga ikawonongeka? Ntchitoyo ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti ya chaka chimodzi?

Mphindi zitatu n'zokwanira mukasiya mbiri ya kampani. Masekondi 20 oyamba anene dzina la ntchito, chiwerengero cha malo ndi maboma ake. Mphindi yotsatira ionetse tsiku la mlangizi mmodzi, ndi phokoso lenileni la njinga ndi la pamsika m'malo mwa nyimbo. Zovuta zibwere pakati, asananyong'onyeke oonera, kenaka ndalama. Masekondi 30 omaliza anene kolembera, zikalata zofunika, tsiku lomaliza, ndiponso kuti palibe ndalama iliyonse yolipira kuti munthu alembedwe, popeza akathyali onamizira kulemba anthu ntchito alipo. Abwana akafunitsitsa kuoneka, apatseni chiganizo chimodzi chimene tingadzawafunse nacho pambuyo pake, monga tsiku limene onse olembera adzayankhidwe.

Musanapite nayo ku holo, ionetseni kwa amene munawalemba chaka chatha, abwana kulibe. Akaseka pamalo pomwe simunaikepo nthabwala, chotsani gawo limenelo. Kenaka afunseni: mukanaiona vidiyoyi musanalowe ntchito, ndi chiyani chikanakudzidzimutsanibe mwezi woyamba? Chimene angatchulecho, mulimba mtima kuchiikamo?