Fomula yogawa mapozishoni sidziwa amene wakhoza kuposa mnzake

Pali mawu amene afala pakati pa aphunzitsi ndi alembi a m'masukulu, makamaka teremu ikamatha. Akuti Excel imalakwitsa powerengera mapozishoni, chifukwa ana akafanana malikisi imawapatsa nambala imodzi kenako n'kudumpha manambala otsatira. Akuti mankhwala ake alipo, kafomula kamodzi kamene ukangokakopera, mwana aliyense amapeza nambala yakeyake ndipo nkhani yatha mwachilungamo. Ife tikutsutsa mbali zonse ziwiri. Excel siilakwitsa ikadumpha nambala, ndipo kafomulako, ngakhale kamachotsadi manambala obwerezabwereza, sikayang'ana n'komwe amene wakhoza kuposa mnzake.

Tiyambe ndi kudumphako, chifukwa sikufuna mawu ambiri. Pa mpikisano wa Olimpiki wa ku Tokyo mu 2021, Mutaz Barshim wa ku Qatar ndi Gianmarco Tamberi wa ku Italy analumpha mamita 2.37 onse awiri, ndipo anagwirizana zogawana mendulo ya golide. Wotsatira wawo, Maksim Nedasekau wa ku Belarus, sanalandire ya siliva. Analandira ya wachitatu, popeza patsogolo pake panali anthu awiri. Umu ndi mmene `RANK` imaganizira: nambala yako ndi chiwerengero cha okuposa, kuwonjezerapo 1. Akakhala awiri pamwamba, iwe ndiwe wachitatu, ndipo palibe chimene chasokonekera.

Komabe tikudziwa kuti nthawi zina nambala imodzi singagawidwe. Mphoto ilipo imodzi, malo a basale atsala amodzi, kapena ahedi angolamula kuti pa malipoti pasaoneke ana awiri a nambala yofanana. Apa m'pamene kafomula kaja kamalowera, ndiye tiyeni tikayese pa kalasi ya ana 6. Danga `B` lili ndi malikisi onse pamodzi, `C` ndi Chingelezi, `D` ndi Masamu, ndipo mayina alembedwa motsatira alifabeti monga zimakhalira m'kaundula.

```
     B    C   D
2   412   70  66
3   398   61  80
4   431   75  72
5   398   68  55
6   377   59  60
7   398   68  71
```

Mukalemba `=RANK(B2,$B$2:$B$7,0)` n'kuikokera pansi, mupeza 2, 3, 1, 3, 6, 3. Ana atatu a 398 onse ali pa nambala 3, manambala 4 ndi 5 palibe, ndipo wa 377 ali pa 6 chifukwa amuposa ndi asanu. Tsono kafomula kotchukako ndi aka:

```
=RANK(B2,$B$2:$B$7,0)+COUNTIF($B$2:B2,B2)-1
```

Zotsatira zake zimakondweretsa maso: 2, 3, 1, 4, 6, 5. Palibe nambala yobwereza. Koma taonani chimene chachitika m'kati. Mbali ya `$B$2:B2` ili ndi mutu wokhomedwa ndi zizindikiro za `$`, pamene mchira wake ndi womasuka, motero imatalika mukamatsika. Pa mzere 3 imawerenga kuti 398 waoneka kamodzi, ikachotsa 1 sipatsala chowonjezera. Pa mzere 5 waoneka kawiri, mwanayo amakankhidwira pa 4. Pa mzere 7 waoneka katatu, ameneyo amapita pa 5. Fomulayi sinayang'ane Chingelezi, sinayang'ane Masamu. Yangofunsa kuti ndani walembedwa pamwamba pa mnzake.

Ndiye ngati kaundula wanu amatsatira alifabeti, mwana wa kwa a Banda adzapambana mwana wa kwa a Zimba nthawi iliyonse akafanana malikisi, teremu ino, ya mawa, mpaka adzamalize sukulu. Palibe mphunzitsi amene angaimirire pamsonkhano wa makolo n'kunena kuti mphoto tapereka potengera chilembo choyamba cha dzina la bambo. Koma ndi zimene kafomulaka kamachita mwakachetechete, ndipo poti zachokera mu kompyuta, anthu amaopa kufunsa. Amene sakukhulupirira ayese yekha: sanjani mayinawo chobwerera, kuyambira Z mpaka A. Malikisi sasintha ngakhale limodzi, koma amene anali pa 5 apezeka pa 3. Njira yolekanitsira ana imene imasintha yankho mukangosintha kasanjidwe ka mayina siikuyeza kukhoza kwa wina aliyense.

Ena amagwiritsa ntchito `ROW()` kuwonjezera kachidutswa kakang'ono pa malikisi, koma nthenda yake ndi yomweyo, chifukwa `ROW()` imangonena nambala ya mzere. Ya `RAND()` ndiye yoipirapo: imatulutsa nambala yatsopano nthawi iliyonse pepalalo likawerengeredwanso, moti lipoti losindikizidwa m'mawa lingasiyane ndi la masana.

Ntchito yeniyeni imayamba kompyuta isanayatsidwe. Pamafunika lamulo, lolembedwa, logwirizanidwa mayeso asanachongedwe: akafanana malikisi onse, tiyang'ana chiyani, ndipo akafanananso pamenepo, tiyang'ana chiyani. A mpira izi anaziphunzira kalekale. Pa chikho cha dziko lonse cha 2018 ku Russia, Senegal ndi Japan anamaliza m'gulu mwawo ndi mapointi 4 aliyense, zigoli zomwetsa 4, zomwetsedwa 4, ndipo masewero a iwo okha anathera 2–2. Anawalekanitsa ndi makhadi achikasu: Japan 4, Senegal 6. Senegal inabwerera kwawo. Zinawawa, ndipo ambiri mpaka pano amati lamulolo ndi lopanda pake, koma linali m'buku mpira usanayambe, ndipo palibe anganene kuti linapangidwira kukondera Japan. Lamulo lopangidwa mutaona kale malikisi ndi lokayikitsa ngakhale litakhala labwino, chifukwa wolipangayo akudziwa amene lim'komere.

Tiyerekeze kuti sukulu yasankha Chingelezi choyamba, kenako Masamu. Chifukwa chake chilipo, popeza popanda kukhoza Chingelezi satifiketi ya MSCE siituluka. Sukulu ina ingasankhe mwina, ndipo ndi ufulu wake. Fomula yotsatira lamuloli ndi iyi:

```
=1+COUNTIFS($B$2:$B$7,">"&B2)
  +COUNTIFS($B$2:$B$7,B2,$C$2:$C$7,">"&C2)
  +COUNTIFS($B$2:$B$7,B2,$C$2:$C$7,C2,$D$2:$D$7,">"&D2)
```

Ikuoneka yaitali, koma ikungofunsa mafunso atatu. Ndi angati andiposa malikisi onse? Mwa ofanana nane, ndi angati andiposa Chingelezi? Mwa ofanana nane pa zonse ziwirizo, ndi angati andiposa Masamu? Mayankhowo mukawaphatikiza n'kuwonjezera 1, mwapeza pozishoni.

Titenge mwana wa pa mzere 7. Omuposa malikisi onse ndi awiri, wa 431 ndi wa 412. Mwa a 398, palibe woposa 68 pa Chingelezi. Yemwe akufanana naye pa 68 ali ndi 55 pa Masamu, pamene iye ali ndi 71. Ndiye 1+2+0+0, nambala 3. Wa pa mzere 5 wapambanidwa pa Masamu pokha, 1+2+0+1, nambala 4. Wa pa mzere 3 ali ndi 61 pa Chingelezi, anzake awiri amuposa, 1+2+2+0, nambala 5, ngakhale Masamu ake a 80 ndi apamwamba m'kalasi monse. Mndandanda wa atatuwa watembenuka kwathunthu poyerekeza ndi wa kafomula kaja. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano kholo la mwana wa pa mzere 3 likabwera kudzafunsa, mphunzitsi ali ndi choyankha, ndipo kholo likhoza kutsutsa lamulolo poyera, kuti n'chifukwa chiyani Chingelezi chili patsogolo pa Masamu. Mtsutso umenewo ndi woyenera kukhalapo.

Amene sakonda fomula yaitali angapange danga lothandizira, lokhala ndi `=B2+C2/1000+D2/1000000`, kenako n'kuyendetsa `RANK` pa dangalo. Wa pa mzere 7 apeza 398.068071, wa pa mzere 5 apeza 398.068055, wa pa mzere 3 apeza 398.061080, ndipo mndandanda utuluka womwewo. Chosamala n'chogawiracho. Mukagawa ndi 100 m'malo mwa 1000, mwana wa 100 pa Chingelezi alandira likisi lathunthu lowonjezera, ndipo angafike pa mnzake amene anam'posa ndithu pa malikisi onse. Komanso Excel imasunga manambala 15 okha pa chiwerengero chimodzi, choncho simungalumikize maphunziro onse motere osataya a kumapeto.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale odziwa. Mukamasanja ana potengera avereji, bokosi likhoza kuonetsa 66 kwa ana awiri pamene m'kati muli 66.4 ndi 65.6. Maso akuona ofanana, kompyuta ikuona osiyana, ndipo lamulo lanu la Chingelezi silifikiridwa n'komwe. Sankhani chimodzi: onetsani madesimalo pa lipoti, kapena dulani nambalayo ndi `ROUND` musanayambe kusanja, kuti chooneka ndi chowerengedwa zikhale chimodzi. Ndipo ngati mukusanja ndi mapointi monga a MSCE, kumene 1 ndiye wapamwamba ndipo 9 ndi kulephera, tembenuzani chizindikiro: `">"` akhale `"<"`, ndipo mu `RANK` 0 wa kumapeto akhale 1. Kumeneku kufanana kumachuluka kwambiri, chifukwa mapointi a maphunziro 6 ndi manambala ochepa, ndipo m'kalasi yaikulu ana angapo amaunjikana pa nambala imodzi.

Kuti mudziwe ngati zatheka, ikani mapozishoni mu danga `E`, ndipo pambali pake lembani `=COUNTIF($E$2:$E$7,E2)`. Mzere uliwonse uyenera kuonetsa 1. Ukaonetsa 2, ndiye kuti ana awiriwo afanana pa zonse zitatu, kapena mwaiwala `$` penapake ndipo malire a fomula anatsetsereka pokokera pansi. Kenako sanjaninso mayina chobwerera monga tanenera. Mwana aliyense ayenera kukhalabe ndi nambala yake.

Zikapezeka kuti afananadi pa malikisi onse, Chingelezi ndi Masamu, fomula yathu iwapatsa nambala imodzi, ndipo ikuchita bwino kutero. Apa njira ndi zitatu: kuwonjezera muyeso wachinayi umene unagwirizanidwa kale, kuchita maere anthu akuona, kapena kuwasiya agawane nambalayo. FIFA nayo mu 2018 inali itaika maere kumapeto kwa mndandanda wake, ndipo inawatchula dzina lawo lenileni. Kafomula kotchuka kaja ka `COUNTIF` tikuvomereza kuti kali ndi ntchito yake: pamene mukufuna manambala osabwereza kuti `INDEX` ndi `MATCH` zikutulutsireni mndandanda wosanjika popanda dzina lina kuoneka kawiri lina n'kusowa. Pa ntchito imeneyo kaikeni m'danga lake lapadera, ndipo pa lipoti la mwana pazipita nambala yochokera ku lamulo la sukulu.