Musatiuze kuti mwatikweza, tiuzeni matumba a unga

Liu lakuti “kukweza malipilo” liyenela kupumula mu Zambia muno. Latopa na kunamizila. Caka ciliconse akulu-akulu a boma na a mayuniyoni amakhala pa thebulo, amasaina mapepa, amagwilana canza pamaso pa makamela, ndipo ife timauzidwa kuomba m’manja. Ine nimakana. Siniomba m’manja nisanaŵelenge, cifukwa nambala ya pa peyisilipi siiphikidwa. Cimene munthu amadya ni zinthu zimene nambalayo ingagule, ndipo ziŵilizi zingayende njila zosiyana: nambala ikukwela, mbale ikucepa.

Tiyeni titenge nkhani imodzi imene ambili tikali kuikumbuka. Pa malipilo a 2024, anchito a boma anawaonjezela K550 aliyense, wamkulu na wamng’ono yemwe. Tiyelekeze munthu amene mu Disembala 2023 anali kulandila K6,000 pamwezi asanamudule kalikonse. Mu 2024 pepa lake linayamba kuonetsa K6,550. Ameneyo ni mapelesenti 9 na kacidutswa. Kuimva cabe, ni nkhani yokondweletsa.

Koma K550 imeneyo siinafike yonse panyumba. Mu 2023 msonkho wa PAYE unali kuyambila pa K4,800, ndipo pa cigawo cotsatila anali kudula mapelesenti 20. Conco munthu wathu anali kupeleka K240. Tikaikapo mapelesenti 5 a NAPSA, amene ni K300, na pelesenti imodzi ya NHIMA, K60, anali kutsala na K5,400. Mu 2024 boma linakankha malile a msonkho kufika pa K5,100, ndipo apa tisaname, linacita bwino. Ngakhale n’telo, pa K6,550 msonkho unakhala K290, ya penshoni K327.50, ya cipatala K65.50. Zotsala m’manja ni K5,867. K550 ija yasanduka K467 asanatuluke n’komwe pa geti.

Lomba tiyeni kumsika. Bungwe la ZamStats, limene ni la boma lomwelo, linalengeza kuti pakati pa Disembala 2023 na Disembala 2024 mitengo ya zinthu inakwela na mapelesenti 16.7. Tanthauzo lake n’losavuta: katundu amene unagula na K100 kumapeto kwa 2023, kumapeto kwa 2024 anafuna K116.70. Kuti munthu wathu agule zimene anali kugula na K5,400 yake ija, osaonjezelapo ngakhale kasopo kamodzi, anafunika K6,300. Iye anali na K5,867. Zapeleŵela K430 na kucipitilila, mwezi umodzi cabe. Uyu ndiye munthu amene “anakwezedwa.”

Ngati mapelesenti akuzunguzani mutu, pimani na unga. Thumba la bulekifasi la makilo 25 linali pafupi-fupi K285 kumapeto kwa 2023, ndipo pakutha kwa 2024 linali litafika ca m’ma K340. Malipilo akale anali kugula matumba pafupi-fupi 19. Malipilo “okwezedwa” anali kugula 17. Matumba aŵili anasoŵa popanda kawalala kuthyola citseko, ndipo palibe polisi imene ungakadandauleko.

Wina adzati nikuipitsa nkhani dala, cifukwa K550 ija inali yobwezela zimene zinatayika mu 2023, osati zimene zinali kubwela. Cabwino, tiipime motelo. Mu Disembala 2023 mitengo inali itakwela na mapelesenti 13.1 pa caka. Kuonjezela kwa mapelesenti 9 sikufikako ngakhale pamenepo. K550 inakwanitsa kutseka dzenje la 2023 kwa okhawo amene anali kulandila pansi pa K4,200. Sinitsutsa kupatsa onse ndalama yofanana, pakuti kumathandizako apansi kuposa apamwamba. Koma musankhe cimodzi: ngati ndalamayo inali ya caka catha, ndiye kuti anchito analoŵa mu 2024 alibe cishango ciliconse. Bulangeti imodzi siingafunde zaka ziŵili.

Ndipo 16.7 imeneyo ni ya dziko lonse, yosakaniza unga na mafiliji, kapenta na matikiti a ndeke. Wolandila zocepa sagula ndeke. Ndalama zake zambili zimathela pa cakudya, ndipo mu 2024, caka ca cilala cimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anacicha tsoka la dziko mu Febuluwale, mitengo ya cakudya inathamanga kuposa ya zinthu zina. Madzi atacepa ku Kariba, malaiti anayamba kuzima pafupi-fupi tsiku lonse, ndipo amene anali kuphika pa sitovu anabwelela ku mbaula na malasha. Amene ndalama zam’thela pakati pa mwezi sagulanso thumba lathunthu, amagula ka pamela pa kantemba, kamene pa kilo kamadula kuposa thumba. Akakakamizika apita kwa akaloba. Umphawi uli na msonkho wake-wake umene ZamStats siiŵelenga.

Cimene cimanikwiyitsa kwambili ni mau akuti “infuleshoni yatsika,” okambidwa monga kuti zinthu zachipa. Pakati pa 2021 mitengo inali kukwela na mapelesenti opitilila 24 pa caka. Pofika Disembala 2022 nambalayo inatsika kufika pa 9.9. Anthu anafunsa kuti nanga n’cifukwa ciani saladi ikali yodula, ndipo anayankhidwa monga ana osadziŵa masamu. Koma anthuwo ndiwo anali olondola. Kutsika kucoka pa 24 kufika pa 10 kutanthauza kuti basi yacepetsa liŵilo, siinabwelele kumbuyo. Mitengo ya 2021 inakhala pomwepo, ndipo ya 2022 inakwela pamwamba pake. Zimene wanchito anataya caka cija sizibwela zokha. Zimabwela kokha ngati malipilo akwela kuposa mitengo kwa zaka zingapo zotsatizana.

Nidziŵa yankho la a ku Unduna wa Zacuma. Dziko linalephela kulipila nkhongole mu Novembala 2020, thumba la boma n’lothina, ndipo kuthila ndalama zambili m’malipilo kungasonkhezele mitengo. Zina mwa izi n’zoona. Koma amene anaumitsa cimanga m’minda mu 2024 si mphunzitsi wa ku Chadiza, ndipo amene anagwetsa kwacha si nesi wa ku Petauke. Ngati ndalama kulibe, kambani mosabisa kuti, “Caka cino tikudulani pang’ono, pepani.” Mau amenewo ni oŵaŵa, koma munthu angakonzekele. Kum’patsa zocepa n’kumuuza kuti ayamike, kumeneko ndiko kunyoza.

Mlandu waukulu nauika pa atsogoleli a mayuniyoni, cifukwa ndiwo amadya ndalama zimene mamembala amadulidwa mwezi na mwezi. ZamStats imatulutsa nambala ya mitengo kumapeto kwa mwezi ulionse, kwaulele. A JCTR naonso amafalitsa mtengo wa zofunika za banja la anthu asanu, ndipo wa mu Lusaka unapitilila K10,000 mu 2024. Mtsogoleli amene akutuluka m’cipinda ca zokambilana azinyamula manambala atatu m’dzanja: zimene taonjezeledwa pambuyo pa msonkho, mmene mitengo yakwelela kucokela pa pangano lapita, na kusiyana kwake. Ngati kusiyanako kuli pansi pa zilo, asacheko liu lakuti cipambano. Ndipo pangano lililonse likhale na mzele wakuti mitengo ikapitilila mapelesenti 8, amene ni malile apamwamba a colinga ca Banki ya Zambia, mbali zonse zibwelele pa thebulo osayembekeza Januwale. Mu 2024 yonse palibe mwezi umodzi umene nambalayo inali pansi pa 13.