Malipiro okwera akachedwa, bwana amakhala ndi ngongole

Malipiro akakwezedwa koma ndalama zake n'kuchedwa kufika, pamakhala mawerengero atatu amene wogwira ntchito ayenera kuwadziwa: malipiro akwera ndi maperesenti angati, ndalama ya pamwezi tsopano ndi zingati, ndipo za miyezi imene yadutsa zatsala zingati. Ndalama zotsalirazi ndi zimene anthu amazitchula kuti maariyasi. Mabwana ambiri amazipereka ngati mphatso yofunika kuwombera m'manja, chonsecho ndi ngongole yeniyeni. Kuyambira tsiku limene kalata ikunena kuti malipiro atsopano ayamba, ndalamayo ndi ya wantchito, ndipo mwezi uliwonse umene isanafike m'thumba mwake bwana akudyera thukuta la mwini.

Peresenti imapezeka poyerekeza ndalama yowonjezerayo ndi malipiro akale. Mwachitsanzo, kalaliki amene amalandira K240,000 pamwezi walandira kalata yoti azilandira K288,000. Kuchotsa K240,000 pa K288,000 kutsala K48,000. Kugawa K48,000 ndi K240,000 kumapereka 0.2, ndipo kuchulukitsa ndi 100 kumapereka 20 peresenti. Ambiri amaphonya pogawa ndi malipiro atsopano, n'kupeza 16.7 peresenti, kenako n'kuyamba kukangana pa nambala yolakwika. Chogawira nthawi zonse ndi malipiro akale, chifukwa ndi pamene kukwerako kwayambira.

Kalata ikangotchula peresenti osanena ndalama, mawerengero amayenda chobwerera. Malipiro akale amachulukitsidwa ndi 1.20 ngati akwera ndi 20 peresenti, kapena 1.08 ngati akwera ndi 8 peresenti. Kwa kalaliki uja, K240,000 kuchulukitsa ndi 1.20 ndi K288,000 yomwe ija. Chofunika kufunsitsa n'chakuti peresentiyo yaikidwa pa chiyani. Ngati munthu amalandiranso K60,000 ya nyumba, ndipo zakwera ndi malipiro enieni okha, zonse pamodzi zachoka pa K300,000 kufika pa K348,000, kumene ndi kukwera ndi 16 peresenti basi. Mawu akuti "pakatikati" nawonso amabisa zambiri, popeza magiredi sakwera mofanana. Pothetsa sitalaka ya ogwira ntchito m'boma mu Febuluwale 2013, olandira zochepetsetsa anawakwezera ndi 61 peresenti pamene akuluakulu anangolandira kagawo kochepa. Nambala ya pa wailesi, choncho, si imene munthu aziwerengera. Yake ili pa giredi yake.

Pa maariyasi ndi pamene pagona mkangano. Chaka cha ndalama za boma la Malawi chimayamba pa 1 Epulo kuyambira mu 2022, ndipo makalata ambiri okweza malipiro amatchula tsiku lomweli. Ngati kalata ya kalaliki uja ikuti malipiro atsopano ayamba pa 1 Epulo, koma K288,000 yayamba kuoneka kumapeto kwa Ogasiti, miyezi imene analandira malipiro akale ndi inayi: Epulo, Meyi, Juni ndi Julayi. Ogasiti sawerengedwa, chifukwa walipidwa kale pa mlingo watsopano. K48,000 kuchulukitsa ndi 4 ndi K192,000. Maariyasi akabwera limodzi ndi malipiro a Ogasiti, pepala la malipiro liyenera kusonyeza K480,000 msonkho ndi penshoni zisanachotsedwe. Njira yosaphonya ndi kuyala mapepala a malipiro patebulo, mwezi ndi mwezi, n'kuika chizindikiro pa lililonse limene lidakali ndi K240,000. Kukwerako kukayambira pakati pa mwezi, monga pa 16 Epulo, mwezi woyambawo umawerengedwa ndi masiku: 15 mwa masiku 30 ndi theka, ndiye K24,000, ndipo zonse zimakhala K168,000.

Pali chizolowezi china choipa chimene chimayenda mwakachetechete. Bwana amalengeza 20 peresenti mu Epulo, amayamba kulipira mu Ogasiti, za m'mbuyo n'kungoti zii. Wantchito poona kuti ndalama yakwera amasangalala, osafunsanso. Koma m'chaka chimenecho walandira K48,000 yowonjezera kwa miyezi 8 yokha, kuyambira Ogasiti mpaka Malichi, imene ndi K384,000. Malipiro akale a chaka chonse anali K2,880,000. Kugawa ziwirizi kumasonyeza kuti chaka chimenecho malipiro akwera ndi 13.3 peresenti. Kampani yatchuka ndi 20, yalipira 13, ndipo palibe amene wanama poyera. Mabungwe a anthu ogwira ntchito akamasainira mgwirizano wopanda tsiku loyambira komanso tsiku lomalizira kulipira maariyasi, amakhala atsegula okha khomo la chinyengo chimenechi.

K192,000 ija sifika yonse m'manja, ndipo apa ena amadandaula pachabe pamene ena amaberedwa osadziwa. Maariyasi ndi malipiro, choncho amadulidwa msonkho wa PAYE umene bwana amatumiza ku MRA. Popeza kalaliki uja anadutsa kale gawo la malipiro losakhomedwa msonkho, kwacha iliyonse ya maariyasi imadulidwa, ndipo n'chifukwa chake msonkho wa mwezi umenewo umaoneka waukulu modabwitsa. Kwa olandira zambiri, kuunjika miyezi inayi m'mwezi umodzi kungakankhire gawo lina la ndalamazo pa mlingo wokwera wa msonkho, umene silikanafikapo likanabwera pa nthawi yake. Kuchedwa n'kwa bwana, koma wolipira ndi wantchito.

Penshoni ndiyo imaiwalika kawirikawiri. Lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito azisonkha 5 peresenti ndipo bwana 10 peresenti, osachepera pamenepo. Pa K192,000, gawo la wantchito ndi K9,600, la bwana ndi K19,200. Gawo loyambalo limaoneka pa pepala la malipiro chifukwa limachotsedwa. Lachiwirilo silidutsa m'manja mwa wantchito, ndipo likapanda kutumizidwa angadzazindikire patapita zaka, mwinanso osazindikira n'komwe. Chimodzimodzinso ndalama ya maola owonjezera: ngati inawerengedwa pa malipiro akale m'miyezi inayi ija, nayonso ili ndi zotsalira zake.

Mabwana amayankha kuti ndalama zonse zimaperekedwa pamapeto pake, ndiye palibe chimene chatayika. Yankho limeneli likanamveka mitengo ya zinthu ikanakhala yokhazikika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankadikira maariyasi nthawi imeneyo analandira ndalama yogula zochepa kuposa imene anaigwirira ntchito. Ngakhale popanda zoterozo, mitengo ikamakwera ndi 2 peresenti pamwezi, K48,000 ya Epulo ikafika mu Ogasiti imagula katundu amene mu Epulo akanagulidwa ndi pafupifupi K44,300. Ndipo wantchito amene anamva kuti malipiro akwera nthawi zambiri amakhala atakongola kale, mwina kwa akatapila amene chiwongoladzanja chawo sichidikira kuti ofesi yowerengera ndalama imalize mapepala. Iye akulipira chiwongoladzanja pa ngongole yake, bwana sakulipira chilichonse pa ndalama ya wantchito imene waisunga miyezi inayi.

Lamulo la za ntchito la mu 2000 limapatsa wantchito ufulu wolandira pepala lofotokoza malipiro ake ndi zonse zimene zachotsedwa. Pa mwezi wa maariyasi, pepalalo liyenera kusonyeza payokha malipiro atsopano, ndalama yotsalira, miyezi imene yawerengedwa, msonkho ndi penshoni. Mzere umodzi wolembedwa ndalama yaikulu popanda kufotokoza sukwanira, chifukwa mwezi umodzi ukasowa pa mawerengero a kalaliki uja, K48,000 yapita, ndipo pa kampani ya antchito 200 a giredi imeneyo ndi K9,600,000. Nambala zikasemphana ndipo ofesi ikukana kukonza, nkhaniyo imapita kwa mkulu woona za ntchito wa m'boma limene kampaniyo ili, ndipo ikakanika kumeneko imakafika ku khoti loona milandu ya za ntchito. Umboni wake ndi kalata yokweza malipiro ija ndi mapepala a malipiro a miyezi yonse yokhudzidwa.